Chitsa chimodzi, mayankho atatu: kalembedwe ka njira za kafukufuku wa m'nkhalango

M'nkhalango za miombo zomwe anthu akhala akudulamo mitengo yowotchera makala, monga mbali zina za Dzalanyama kumadzulo kwa Lilongwe, muli zitsa zambiri zomwe zinaphukanso. Mtengo wa miombo ukadulidwa sufa msanga. Pakapita zaka zingapo chitsa chimatulutsa mphukira, mwina ziwiri, mwina zisanu, ndipo iliyonse imakula payokha ngati kamtengo.

Tiyerekeze chitsa chimodzi chokhala ndi mphukira zinayi, zonenepa masentimita 4, 6, 7 ndi 11. Titumeko ofufuza atatu, aliyense payekha, kuti akawerenge mitengo. Woyamba amawerenga thunthu lililonse lomwe lafika masentimita 5, choncho alemba 3. Wachiwiri amayambira pa masentimita 10, ndiye alemba 1. Wachitatu amawerenga chilichonse chomwe chamufika pachifuwa, alemba 4. Palibe wanama, palibenso walakwitsa masamu. Aliyense watsata lamulo lake, ndipo ngati lamulolo sanalilembe mu lipoti, manambala awo sangayerekezedwe. Munthu wobwera patatha zaka khumi angaganize kuti nkhalango yachira kapena yawonongeka, pomwe chomwe chasintha ndi kawerengedwe chabe.

Lipoti lililonse la sayansi limakhala ndi gawo lofotokoza njira zomwe wofufuza anatsata. Pa kafukufuku wa kutchire, gawoli ndi kaundula wa zisankho zonse zomwe wofufuza anapanga ali pakati pa mitengo, makamaka zing'onozing'ono zomwe pa tsikulo zinkaoneka ngati zodziwikiratu. Muyezo wake ndi umodzi: mlendo yemwe sanakumanepo ndi wolembayo athe kupita pamalo omwewo, kuchita zomwezo, osafunika kuganizira yekha kuti mwina anachita chakuti. Tiyeni titsatire kafukufuku woyeza mitengo ya miombo kuchokera posankha malo mpaka pa masamu omaliza.

Malo ake enieni ndi ati?

Kulemba kuti kafukufuku anachitikira ku Dzalanyama sikuthandiza kwenikweni, chifukwa nkhalangoyo ndi yaikulu ndipo muli mapiri, madambo, malo odulidwa kwambiri ndi ena osakhudzidwa. Wobwereza amafuna manambala a GPS a puloti iliyonse, ndiye kuti kachigawo kalikonse koyezedwa komwe mitengo inawerengedwa. Komatu manambalawo paokha sakwanira.

Dziko lapansi si lobulungira bwinobwino, choncho ojambula mapu amasankha maziko owerengera malo, ndipo mazikowo alipo angapo. Makina a GPS ndi mafoni a masiku ano amagwiritsa ntchito kwambiri maziko otchedwa WGS 84, pomwe mapu akale a boma la Malawi anajambulidwa pa Arc 1950. Manambala omwewo mukawawerenga pa maziko ena amakufikitsani pamalo otalikirana mamita oposa 200. Kwa puloti ya mamita 20 m'lifupi, kumeneko ndi kuphonyeratu. N'chifukwa chake wolemba amatchula mazikowo, amatchula kuti manambala ali mu UTM chigawo 36 cha kummwera, chomwe dziko lonse la Malawi lilimo, ndiponso amanena kuti anaima pati potenga nambalayo: pakati pa puloti kapena pa ngodya iti.

Ngakhale zonsezi zitalembedwa, GPS ya m'manja imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo ya masamba ambiri. Imakufikitsani pafupi, koma siikuonetsani mzere wa malire. Ofufuza omwe akufuna kudzabwereranso amakhoma zikhomo zachitsulo pa ngodya, nthawi zina n'kuzikwirira kuti zisazulidwe, chifukwa zamtengo zimadyedwa ndi chiswe kapena kupsa ndi moto wolusa. Gawo la njira linene chomwe chinasiyidwa pansi, ndi kuti mbali yaitali ya puloti inaloza kuti pa kampasi.

Anasankha bwanji poima?

Funso ili ndi lomwe olemba ambiri amalidumpha ndi chiganizo chimodzi chakuti mapuloti anasankhidwa mwachisawawa. Kunena zoona, munthu woyenda m'tchire sangathe kusankha mwachisawawa. Miyendo imakonda pafupi ndi msewu, maso amakonda pomwe mitengo ikuoneka bwino, ndipo aliyense amalambalala chitedze ndi minga. Tsono pafupi ndi msewu ndi pomwenso odula mitengo amafika mosavuta, kotero mapuloti oikidwa potsata miyendo angaonetse nkhalango yowonongeka kuposa momwe ilili.

Njira yobwerezeka imayambira pa desiki. Wofufuza amajambula mizere yopingasana pa mapu, tinene kuti yotalikirana mamita 500, n'kupereka nambala pa mphambano iliyonse. Kenako kompyuta imachita maere. Ngati mphambano zilipo 400 ndipo akufuna 30, mu pulogalamu ya R amalemba chonchi:

```
set.seed(2024)
sample(1:400, 30)
```

Mzere woyambawo umachititsa kuti maere atuluke chimodzimodzi nthawi iliyonse, choncho nambala ya m'katimo iyenera kulembedwa mu lipoti. Nambala ya mtundu wa pulogalamu nayonso ilembedwe. Mu 2019, R itafika pa 3.6.0, kachitidwe ka `sample` kanasinthidwa, moti mizere iwiri yomweyi ingatulutse mapuloti ena pa R yakale ndi ena pa yatsopano.

Maere sadziwa kuti pansi pali chiyani. Mphambano ina idzagwera pathanthwe, ina mumtsinje, ina m'munda wa chimanga. Pa malo a midzi ina ingagwere kumanda, komwe mitengo imakhala yowirira chifukwa anthu saidula, komanso komwe mlendo salowa popanda chilolezo cha amfumu. Kodi wofufuza anatani atafika pa malo otere? Anawadumpha, anasuntha, kapena anatenga nambala ina? Lamulo lake liyenera kukhazikitsidwa asanapite kutchire, mwachitsanzo lakuti puloti yosatheka imalowedwa m'malo ndi nambala yotsatira pa mndandanda wa maere. Lipoti linenenso kuti ndi mapuloti angati omwe anasinthidwa ndi zifukwa zake. Puloti yomwe yagwera pamalo odulidwa mpaka kuyera siyenera kudumphidwa. Ziro nayenso ndi yankho, ndipo kutaya mapuloti opanda mitengo kumakweza avereji ya nkhalango yonse.

Pali msampha winanso womwe katswiri wa ku America, Stuart Hurlbert, anaufotokoza mu 1984, ndipo mpaka lero anthu amagwamo. Munthu akayeza mapuloti khumi m'nkhalango imodzi ya boma ndi khumi m'nkhalango imodzi ya mudzi, n'kupeza kusiyana, sangagamule kuti kasamalidwe ka boma n'kosiyana ndi ka midzi. Wayerekeza malo awiri okha, ndipo kusiyanako kungachokere ku dothi kapena mvula. Mapuloti khumi aja ndi miyezo khumi ya malo amodzi. Choncho gawo la njira linene momveka kuti nkhalango zinali zingati, mapuloti m'nkhalango iliyonse anali angati, anatalikirana bwanji, ndipo pa masamu chomwe chinatengedwa ngati chinthu chimodzi choima pachokha ndi chiti.

Puloti ya paphiri imachepa

Puloti ya mamita 20 ndi 50 imakhala masikweyamita 1,000, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala. Mitengo yowerengedwamo imachulukitsidwa ndi 10 kuti tipeze ya pa hekitala. Izi n'zoona pa chigwa. Pamalo otsetsereka, tepi yogonekedwa pansi imatsata phiri, pomwe hekitala imayezedwa ngati pa mapu, mosaganizira zitunda.

Ngati mbali ya mamita 50 ikutsika phiri lopendekeka madigiri 20, pa mapu mtundawo ndi mamita 47 okha. Puloti ija yasanduka masikweyamita 940, ndipo wochulukitsa ndi 10 apeza mitengo yochepa ndi 6 pa 100 iliyonse. Ena amakonza izi kutchire komweko pokoka tepi mpaka mamita 53.2, ena amakonza pa kompyuta, ena sakonza n'komwe. Wobwereza ayenera kuuzidwa kuti mwa atatuwa wolembayo ndi uti.

Pa malire palinso chisankho. Nthawi zonse pamapezeka mtengo womwe chingwe chaudutsa pakati, kapena womwe tsinde lake lili kunja koma nthambi zapendekera mkati. Lamulo lofala ndi lakuti mtengo umawerengedwa ngati pakati pa tsinde lake, pomwe watulukira m'nthaka, pali mkati mwa chingwe. Munthu angasankhe lamulo lina, bola alilembe, chifukwa pa puloti yaing'ono mtengo umodzi waukulu wa pa malire ungasinthe zotsatira zonse.

Tepi pa thunthu

Kunenepa kwa mtengo kumayezedwa pa msinkhu wa pachifuwa, koma anthu ndi otalika mosiyana, choncho msinkhuwo uli ndi nambala. M'mayiko ambiri ndi mamita 1.3, ku America ndi 1.37, ndipo ena oyeza timitengo ta m'tchire louma amayeza pafupi ndi nthaka, pa masentimita 30. Popeza thunthu limaonda likamakwera, nambalayi iyenera kulembedwa. Magulu ambiri amadula ndodo ya mamita 1.3 n'kumaiimika pa mtengo uliwonse. Pamalo otsetsereka ndodoyo imaima kumtunda kwa mtengo, ndipo pa mtengo wopendekeka imatsata thunthu. Ngati pa msinkhuwo pali chotupa kapena bala la nkhwangwa, tepi imasunthidwa, ndipo msinkhu watsopanowo umalembedwa. Pa mapuloti odzabwererako, pomwe panadutsa tepi amapakapo penti, chifukwa mitengo ya miombo imanenepa ndi mamilimita ochepa pa chaka, ndipo kusuntha tepi pang'ono kungabise kukula konseko.

Mtundu wa tepi nawonso ndi nkhani. Tepi ya atelala imapereka kuzungulira kwa thunthu, pomwe tepi ya akatswiri a nkhalango inalembedwa kale manambala osonyeza dayamita, ndiye kuti mtunda wodutsa pakati pa thunthu. Mtengo wozungulira masentimita 62.8 uli ndi dayamita ya masentimita 20, popeza kuzungulira kumagawidwa ndi 3.14. Utadulidwa pamenepo, nkhope ya chitsa chake ingakhale masikweyasentimita 314. Wina akatenga 62.8 ngati dayamita apeza nkhope yaikulu pafupifupi kakhumi. Cholakwika chotere chimadziwika msanga, chifukwa nkhalango ya mphukira imaoneka pa pepala ngati yodzaza ndi mitengo ikuluikulu. Chovuta kuchigwira ndi pomwe magulu awiri anagwiritsa ntchito matepi osiyana ndipo manambala asakanikirana m'ndandanda imodzi.

Tibwerere ku chitsa cha mphukira zinayi chija, tione kuti malire a masentimita amasintha zinthu motani. Nkhope za mphukira za masentimita 6, 7 ndi 11 ndi masikweyasentimita 28, 38 ndi 95. Woyambira pa masentimita 5 apeza 161, woyambira pa 10 apeza 95 yokha. Magawo anayi mwa khumi a thabwa la pa chitsacho asowa chifukwa cha nambala imodzi. M'nkhalango yokhwima kusiyanaku kumachepa chifukwa mitengo ikuluikulu ndi yomwe imanyamula zambiri, koma m'nkhalango yophukanso n'kwakukulu. Gulu la ofufuza a nkhalango za kummwera kwa Africa lotchedwa SEOSAW limayambira pa masentimita 5, ndipo kafukufuku wambiri wa m'nkhalango zowirira za mvula amayambira pa 10. Wolemba anenenso ngati anawerenga mathunthu kapena mitengo, ndi zomwe anachita ndi mtengo wa mphanda. Chizolowezi ndi chakuti mphanda ikakhala pansi pa mamita 1.3, nthambi iliyonse imayezedwa payokha. Mitengo youma koma yoimirira nayo imafuna chiganizo chake.

Dzina la mtengo ndi tsiku la ntchito

Odziwa mitengo a m'midzi ndi omwe amathandiza kwambiri kutchire, ndipo dzina ngati msuku kapena mlombwa silisokoneza. Vuto lili pa miombo yeniyeni. Mitundu ya Brachystegia ndi Julbernardia imafanana, ndipo dzina limodzi lingatanthauze mtengo wina kudera lino ndi wina kudera lina. Gawo la njira linene kuti anazindikira mitengo ndani, ndi buku liti, ndipo yokayikitsa anatani nayo. Njira yodalirika ndi kudula kanthambi ka masamba, ka maluwa kapena zipatso ngati zilipo, kukaumitsa pakati pa nyuzipepala, kukapatsa nambala, n'kukasiya kosungira zitsanzo za zomera monga ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba. Wokayikira adzapita kukaona yekha.

Mayina a sayansi nawo amasintha. Nsangu kale inkatchedwa Acacia albida, lero ndi Faidherbia albida. Mitengo ina ya minga ya mu Africa yomwe inali Acacia tsopano ili m'magulu a Vachellia ndi Senegalia. Osanena mndandanda wa mayina womwe anatsata angachititse kuti mtengo umodzi uwerengedwe kawiri pophatikiza malipoti.

Masiku a ntchito alembedwe ndi mwezi ndi chaka chomwe. Miombo imayoyola masamba m'chilimwe, n'kutulutsa atsopano ofiirira mvula isanayambe. Woyenda mu Ogasiti amapeza mitengo yambiri yovuta kuizindikira, ndipo ngati moto wadutsa kale, timitengo tating'ono tapsa. Woyenda mu Febuluwale amapeza udzu wautali womwe umabisa zitsa. Ngati oyeza anali magulu awiri, lipoti linene momwe anaonetsetsera kuti akuyeza mofanana, mwachitsanzo poyezanso puloti imodzi mwa khumi zilizonse ndi gulu lina.

Kuchoka pa tepi kufika pa matani

Palibe yemwe amaika mtengo wamoyo pa sikelo. Kulemera kumawerengedwa ndi fomula, ndipo mafomula alipo ambiri. Yodziwika m'mayiko otentha ndi ya Jérôme Chave ndi anzake ya mu 2014:

```
AGB = 0.0673 × (ρ × D² × H)^0.976
```

Apa D ndi dayamita m'masentimita, H ndi kutalika m'mamita, ρ ndi kulemera kwa thabwa louma m'magalamu pa kyubikisentimita, ndipo yankho ndi makilogalamu a mbali ya mtengo yomwe ili pamwamba pa nthaka, itauma. Mtengo wa D 20, H 10 ndi ρ 0.7 umatuluka pafupifupi makilogalamu 156. Mu 2016 Daud Kachamba ndi anzake anafalitsa mafomula ochokera pa mitengo ya miombo yoyezedwa ku Malawi konkuno, ndipo fomula iliyonse ingapereke yankho lake pa mtengo womwewo. Choncho wolemba atchule yomwe anagwiritsa ntchito, komwe anatenga ρ ya mtundu uliwonse, ndiponso ngati kutalika anakuyeza pa mtengo uliwonse kapena pa ochepa n'kuyerekezera enawo. Ngati pali manambala omwe anachotsa poona kuti ndi olakwika, anene angati ndi lamulo lomwe anatsata.

Ndime imodzi, kulembedwa kawiri

Nayi ndime yongopeka, yofanana ndi zomwe zimapezeka m'malipoti ambiri:

“Tinasankha mapuloti 30 mwachisawawa m'nkhalango m'nyengo yachilimwe. Tinayeza mitengo yonse pa msinkhu wa pachifuwa ndipo tinaizindikira mothandizidwa ndi anthu a m'deralo.”

Ziganizo ziwirizi zikumveka bwino, koma wobwereza sangayambe n'komwe. Ntchito yomweyo ingalembedwe chonchi:

“Pa mapu tinajambula mizere yotalikirana mamita 500, yomwe inapereka mphambano 400, ndipo tinasankha 30 mwa maere pa R 4.3.1 ndi `set.seed(2024)`. Mphambano zitatu zinagwera pathanthwe ndipo tinazilowetsa m'malo ndi zotsatira pa mndandanda wina wa maere womwe tinakonzeratu. Mphambano iliyonse inakhala ngodya ya kummwera chakumadzulo ya puloti ya mamita 20 ndi 50, mbali yaitali yoloza kumpoto kwa kampasi, ndipo mitunda tinaikonza kuti ikhale ya pa mapu. Pa ngodya zonse tinakwirira zikhomo zachitsulo. Kuyambira pa 6 Meyi mpaka pa 14 Juni 2024 tinayeza thunthu lililonse lamoyo la dayamita ya masentimita 5 kapena kuposa, pa mamita 1.3, ndi tepi ya dayamita, mpaka pa milimita. Mphukira za chitsa chimodzi tinaziyeza payokhapayokha n'kuzilemba pansi pa nambala ya mtengo umodzi.”

Ndime yachiwiriyi ndi yaitali, koma chiganizo chilichonse chikutseka malo amodzi pomwe mlendo akanasochera. Onaninso kuti ikunena zomwe zinachitikadi, kuphatikizapo mapuloti atatu osinthidwa. Ambiri amakopera gawo la njira kuchokera m'chikalata chopemphera ndalama chomwe analemba asanapite kutchire, motero amafotokoza kafukufuku yemwe ankafuna kuchita. Mankhwala ake ndi kulemba m'kabuku tsiku lomwelo chisankho chilichonse chopatuka pa dongosolo, chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi palibe amakumbukira kuti puloti 17 inasunthidwa chifukwa cha njuchi.

Sikuti chilichonse chimalowa. Mtundu wa galimoto kapena wa pensulo susintha nambala iliyonse, choncho umatsala. Funso losefera ndi lakuti: munthu wina akachita mosiyana pa chinthu ichi, kodi yankho lingasinthe? Ndandanda zazitali za manambala a GPS, fomu yolembapo kutchire ndi mizere ya pulogalamu zimaikidwa m'zowonjezera za lipoti kapena kosungira deta kwa aliyense. Chosiyana ndi malo a mitundu yosowa yomwe akuba amaisaka, monga mkungudza wa pa Mulanje. Pamenepo manambala enieni amasungidwa ndi bungwe loyang'anira, ndipo lipoti limangonena komwe wofufuza wovomerezeka angakawapemphe.

Nkhalango siima malo amodzi, choncho wobwereza sadzapeza manambala omwewo ndendende. Mitengo ina idzakhala itakula, ina itadulidwa. Cholinga n'chakuti kusiyana komwe adzapeze kukhale kwa nkhalangoyo, osati kwa kayezedwe. Pali njira yotsika mtengo yoyesera izi lipoti lisanatumizidwe. Perekani gawo la njira kwa mnzanu yemwe sanapite nanu kutchire, mumupatse tepi, chingwe ndi ndodo, mumutengere pa kankhalango kalikonse kapafupi, ndipo mumuuze kuti ayeze puloti imodzi inu mutangokhala chete. Lembani funso lililonse lomwe akufunseni ndi paliponse pomwe aime n'kuyamba kuganiza. Kenako yezani puloti yomweyo inuyo n'kufananiza mapepala. Mafunso akewo ndi kusiyana kwa manambala anu zidzakuuzani ziganizo zomwe zikusowabe.